Ndikakana, ndifotokoze mpaka pati?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare ndipo ndimagulitsa kaunjika ku Mbare. Mnzanga wakutchalitchi akufuna ndimubwereke madola 200. Ndinamuuza kuti ndalama ndasungira fizi ya ana, koma sukulu zitangotsegulira wabweranso. Zoona zake n'zakuti chaka chatha ndinamubwereka madola 60, anabweza 40 patatha miyezi isanu ndi iwiri, za 20 yotsalayo ali chete mpaka lero. Kwinaku azakhali anga a ku Dedza akufuna kutumiza mwana wawo wa zaka 23 kuti adzakhale kwathu akufufuza ntchito. Bambo akunyumba akana, akuti mnyamatayo amamwa, ndipo ife tili ndi mtsikana wa zaka 14 m'zipinda ziwiri za lendi. Onsewa ndikufuna kuwakanira. Ndiwauze zifukwa zenizeni, kapena ndingoti ayi basi?" Mayi a ku Mufakose.

Mayi, mtima ukhale pansi. Pa nkhani zonse ziwirizi maganizo anu ndi olongosoka, ndipo palibe amene angakuimbeni mlandu wouma mtima chifukwa choteteza mpamba wanu ndi mwana wanu. Chimene chikukusowetsani tulo ndi kanenedwe kake. Pamenepo yankho silingakhale limodzi, chifukwa mnzanuyo ndi azakhali sali pa mzere umodzi. Mnzanuyo akufunika mawu ochepa kwambiri kuposa amene mwamupatsa kale. Azakhali akufunika mawu ambiri ndithu, koma pa zifukwa zitatu zimene muli nazo amve chimodzi chokha.

Tiyambe ndi fizi ija, chifukwa ndi pamene panapindika nkhani. Mutanena kuti ndalama mwasungira fizi, inu mumtima munkati "ayi", koma makutu a mnzanu anamva kuti "pakadali pano ayi". Sukulu za kuno zimatsegulira mu Januwale, mu Meyi ndi mu Seputembala, ndipo aliyense amadziwa kuti fizi ikaperekedwa nkhani yake yatha kwa miyezi ingapo. Choncho anadikira mwaulemu, tsiku litakwana n'kubwera. Musamuone ngati wochenjera kapena wosamva. Anangotsata msewu umene inu eni munamulozera. Chifukwa chilichonse chokhala ndi tsiku lothera, kaya ndi fizi, lendi, katundu amene sanatuluke, kapena "bambo sanalandire", chimagwira ntchito ngati kalata yomuitana munthu kuti adzabwerenso. Zikakhala kuti chifukwacho chinali chongopeka, ulendo wachiwiri mumafunika kupeka china, ulendo wachitatu china, ndipo pofika pamenepo mnzanu wazindikira kale kuti mukumuzemba. Zimenezo zimawawa kuposa "ayi" wa tsiku loyamba, chifukwa wataya miyezi iwiri imene akanafufuza ndalama kwina.

Musanatchule chifukwa chilichonse kwa munthu, dzifunseni kuti akachimva achita nacho chiyani. Ngati angathe kuchikonza, ndipo akachikonza inu muvomeradi, muuzeni, chifukwa mwamupatsa chinthu chothandiza. Ngati angathe kuchikonza koma inu mukanabe, chisungeni, chifukwa mungomutuma ntchito yopanda malipiro. Ngati sangathe kuchikonza ngakhale atafuna bwanji, ndiye kuti chifukwacho sichimuthandiza kanthu, chingomusiyira bala loti azipita nalo kunyumba. Apa ndi pamene kusafotokoza kumakhala chifundo. Pali funso lachiwiri limene lidzatithandiza pa nkhani ya azakhali: kodi chifukwachi ndi chanu, kapena pochinena muulula za munthu wina amene palibe?

Tsono tiyeze nkhani ya madola 20. Khalani pansi nokha, mudziyankhe moona: mnzanuyu atabwera mawa ndi madola 20 m'manja n'kupepesa, mungamubwereke 200? Anthu ambiri akadzifunsa chonchi amapeza kuti yankho ndi ayi. Munthu amene anatenga miyezi isanu ndi iwiri kubweza 40, pa liwiro lomwelo 200 adzamaliza patatha pafupifupi zaka zitatu, ndipo ndalama imeneyo kwa wogulitsa kaunjika ndi imene imayenera kuzungulira sabata ndi sabata. Ngati yankho lanu ndi ayi, musatchule za 20 ija pa tsiku lokana. Mukatchula, iye amva kuti mtengo wa madola 200 ndi madola 20. Akabwereka kwa wina, akupatsani, kenaka atambasula dzanja, ndipo inu mudzapezeka mulibe pothawira. Komanso ngongole yakale ikatchulidwa pa nthawi imene munthu wabwera kudzapempha, imamveka ngati mbama. Munthu wopempha amakhala wadzichepetsa kale. Kumukumbutsa kulephera kwake pamenepo kuli ngati kumuvula nsalu ali chigwadire.

Koma mwina yankho lanu ndi lakuti 200 ayi, koma akabweza 20 mungamubwereke 30 kapena 50. Ngati ndi choncho, chifukwa chenichenicho n'chothandiza ndipo chinenedwe poyera, mosazungulira: "Amayi, 200 sindingathe. Timalize kaye 20 ya chaka chatha ija, ikatha ndikhoza kukuthandizani ndi 30." Apa mwamuuza zoona, mwamuuza malire, ndipo ali ndi chochita. Chimene simuyenera kuchita ndi kulonjeza 30 imeneyo pofuna kungofewetsa nkhope yake, mukudziwa kuti mumtima mulibe.

Tiyerekeze kuti mwasankha kukana kotheratu. Mawu ake asapitirire ziganizo zitatu, ndipo popeza munanena kale za fizi, muyambe ndi kukonza pamenepo. Mukhoza kunena kuti: "Amayi, ndinalakwa kukuuzani za fizi ngati kuti ikatha ndikupatsani, ndakuchedwetsani. Zoona zake ndalama imeneyi sindikubwerekani, lero ngakhale mwezi wamawa. Ndati ndikuuzeni msanga kuti mufufuze kwina." Mukatero, tsekani pakamwa. Pamenepa ndi povuta kuposa pena paliponse, chifukwa pakagwa bata la masekondi asanu okha, mtima umagunda ndipo lilime limayamba kudzaza mpatawo ndi zifukwa. Mumayamba kunena kuti malonda sakuyenda, belo la mwezi uno linatuluka zosagulika, mwininyumba wakweza lendi, mwana akudwaladwala. Chifukwa chilichonse chimene mwawonjezera ndi chogwirira chimene mwamupatsa. Pa malonda adzati "ndibweza sabata ziwiri zokha", pa lendi adzati "mwezi usanathe ikhala yafika", ndipo mukadzazindikira mukukambirana za tsiku lobwezera ndalama imene munati simupereka.

Adzafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo funsolo ndi lachibadwa. Yankho lokwanira ndi limene limanena za inu osati za iye, komanso lopanda tsiku lothera: "Ndalama ya mpamba ndasiya kubwereketsa." Koma chenjerani, mawu amenewa muwanene pokhapokha ngati mwatsimikizadi kutero kwa aliyense. Ku Mufakose nkhani siigona. Mukamuuza zimenezi Lamlungu, Lachinayi n'kumva kwa amayi ena kuti munabwereka uje madola 100, bodzalo lidzamupweteka kuposa kukanako. Ngati mukudziwa kuti ena muziwabwerekabe, nenani zochepa koma zoona: "Pepani, pa iyi yokha sindingathe, ndipo sindikufuna kukunamizani ndi zifukwa." Akafunsa kachiwiri, bwerezani mawu omwewo, ndi liwu lomwelo, osakweza, osasintha. Anthu ambiri amasiya pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu, chifukwa aona kuti palibe pogwira. Mukasintha mawu ulendo uliwonse, iye amaganiza kuti nkhani ikadali pa msika.

Pali kamsampha kena kamene anthu okoma mtima amagwamo, kofunsa kuti "ndalamayo ndi ya chiyani?" atatsimikiza kale kukana. Funso limeneli limamuuza munthu kuti yankho likudalira nkhani yake, ndiye amaitambasula yonse, mwina ndi misozi. Mukakana pambuyo pake, zimaoneka ngati mwayeza mavuto ake pa sikelo n'kuwapeza opepuka. Ngati pali zinthu zimene zingasinthe maganizo anu, monga matenda aakulu kapena maliro, funsani poyamba penipeni, musananene chilichonse. Ngati palibe chimene chingasinthe, musafunse. Ndipo ngati mtima ukukuuzani kuti mumuthandizeko, mupatseni madola 5 kapena 10 n'kunena momveka kuti "iyi si ngongole, musabweze". Kupatsa n'kuika, inde, koma muike imene mungathe kuiiwala. Ndalama yaing'ono yoperekedwa imasunga ubwenzi, pamene yaikulu yobwereketsa kwa munthu wovuta kubweza imachititsa kuti nonse muzizembana pa khomo la tchalitchi.

Za malo: musamukanire pabwalo la tchalitchi amayi ena akumva, ndipo musamutumizire uthenga wautali pa WhatsApp. Uthenga wolembedwa umawerengedwa kakhumi, umasonyezedwa kwa ena, ndipo mawu amene inu munalemba mofatsa iye amawawerenga ndi liwu laukali. Kuyenda naye pang'ono popita kokwerera kombi, inu awiri, n'kokwanira. Ngati iye anapempha pa foni ndipo kukumana kutenga sabata, imbani. Mukakakamizika kulemba, mizere iwiri yakwana.

Nkhani ya azakhali ndi yolemera, ndipo pano "ayi" wouma sangagwire. Kwa munthu wamkulu, kukana kopanda chifukwa chilichonse kumamveka ngati mwano, ngati mwanena kuti iwo si oyenera ngakhale kufotokozeredwa. Koma ulemu umene akuyembekezera sukhala m'kuchuluka kwa zifukwa. Umakhala m'njira imene mwafikira: kuimba foni nokha osati kutuma uthenga, kulonjera mokwanira, kufunsa za kumunda ndi za odwala, kuthokoza kuti anakuganizirani, ndi kuonetsa kuti nkhaniyo munaisenza n'kugona nayo. Foni imeneyi ikhoza kutenga mphindi khumi ndi zisanu, koma kukana kwenikweniko kukhale mphindi imodzi, ndi chifukwa chimodzi.

Muli ndi zifukwa zitatu: zipinda, mowa, ndi mtsikana. Tiziyeze chimodzichimodzi ndi mafunso aja. Za zipinda ndi zoona, ndi zanu, sizinyoza munthu, ndipo sizitha mwezi wamawa. Anthu asanu m'zipinda ziwiri, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena a pa lendi, madzi otunga pa mjigo masiku amene mpopi wauma, magetsi ogula a mayuniti amene amatha mwezi usanafike pakati. Ichi ndi chifukwa choti azakhali akhoza kuchibwereza kwa aliyense kumudzi popanda kuchita manyazi. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Munthu wokanidwa amafunika nkhani yoti akafotokoze kwa ena, ndipo mukamupatsa nkhani yomusungira ulemu, iyenso amakusungirani wanu. "Kwawoko malo ndi ochepa" ndi mawu amene mayi angawanene pa chitsime mutu uli m'mwamba.

Za mowa, azakhali sangachite nazo kanthu pa foni. Ngati mwana wawo amamwadi, akudziwa kale kuposa inu, ndipo mwina n'chifukwa chake akufuna achoke pamudzi. Mukatchula, pali njira ziwiri zokha zimene nkhani ingalowere. Adzakana n'kufunsa kuti wakuuzani ndani, ndiye mwayatsa moto pakati pa iwo ndi wachibale amene anakunong'onezani. Kapena adzati wasiya, walapa, walowa kwaya, ndipo inu mulibe njira yotsutsira muli ku Harare. Njira zonse ziwiri zikuthera poti mukukangana za khalidwe la mwana wa eni, m'malo mokamba za nyumba yanu imene muli nayo ulamuliro.

Za mtsikana wanu ndiye musazitchule n'komwe. Nkhawa yanu ndi yoyenera, ndipo kholo silifunika umboni kuti likane kugoneka mnyamata wamkulu pafupi ndi mwana wamkazi wa zaka 14. Koma mukanena mawu amenewa, ku Dedza akafika atasanduka akuti munamunena mwana wa azakhali kuti ndi wogwirira ana. Mnyamatayo sanachite kanthu, sangadziyeretse pa mlandu umene sunachitike, ndipo dzina la mwana wanu lidzayenda m'kamwa mwa anthu pa nkhani yonyansa imene iye sakuidziwa. Mawu otere amakumbukiridwa pa maliro zaka makumi awiri zikubwerazi. Mwanayo mwamuteteza kale pokana. Kufotokoza sikuwonjezera chitetezo chilichonse.

Chinthu china chimene chidzakukokani kwambiri ndi kunena kuti "ine ndikanalola, koma bambo akana". Ndi chopepuka pakamwa ndipo mbali ina ndi choona, koma mtengo wake ndi waukulu. Amuna anu kwanuko ndi mkamwini, alibe magazi owateteza. Inu chibale ndi fupa, azakhali akwiya nanu miyezi ingapo n'kuiwala, koma mkamwini amene anakaniza mwana wa eni mudzi dzina lake silifufutika. Komanso mwatsegula khomo lina, chifukwa adzati "ndipatseni foni ndilankhule nawo ndekha", ndipo amuna anu, pochita manyazi ndi apongozi, akhoza kuvomera chimene nonse simukufuna. Nenani kuti "takambirana ndipo tagwirizana". Musanaimbe, gwirizanani ndi bambowo mawu enieni amene muzinena, kuti aliyense amene angaimbiridwe ayankhe chimodzimodzi.

Mawu ake akhoza kukhala otere, mutatha malonje: "Azakhali, nkhani ija munandituma sindinaitaye, takhala nayo pansi ndi bambo a ana. Ndikupepesa kwambiri, achimwene sitingathe kuwasunga. Tili asanu m'zipinda ziwiri za eni, ndipo malo ogona munthu wamkulu palibe. Ndati ndinene msanga musanawononge ndalama ya ulendo." Onani kuti mawu akuti "sitingathe" abwera chifukwa chisanabwere. Mukayamba ndi kufotokoza za kuchepa kwa nyumba, azakhali adzakudulani pakati n'kuyamba kukonza vutolo musanafike pa "ayi".

Adzakonzabe, musadabwe. Adzati mwana wa kumudzi sasankha, agona pabalaza, ngakhale pakhonde. Adzati ndi sabata ziwiri zokha, akapeza ntchito achoka, mlendo ndi mame. Musayambe kutsutsana nawo za kukula kwa balaza. Vomerezani chimene chili choona m'mawu awo, kenaka bwererani pamene munaima: "Ndikudziwa kuti sasankha, azakhali, ndipo ndikumva kuti zinthu zavuta. Komabe kwathu kuno sitingathe, ngakhale kwa masiku ochepa." Mawu omalizawa ndi ofunika. Sabata ziwiri za munthu wofufuza ntchito mu Harare sizikhala sabata ziwiri, ndipo kutulutsa wachibale amene walowa kale m'nyumba n'kovuta kakhumi kuposa kumukanira asananyamuke. Za mwininyumba muzitchule pokhapokha ngati analetsadi kuwonjezera anthu. Achimalawi a ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Mabvuku amadziwana kudzera m'mipingo ndi m'mabungwe a maliro, ndipo si zachilendo kuti azakhali apeze munthu wodziwana ndi mwininyumba wanu n'kumutuma kukapempha.

Mwina mukukumbukira mwambi uja wakuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo mukuganiza zongoti "tiona, azakhali" n'kusiya nkhaniyo izizire yokha. Nzeru imeneyi imagwira pamene wamkuluyo ali pafupi, akuona nsaluyo ili m'madzi tsiku lachitatu, n'kumvetsa yekha popanda wina kuchita manyazi. Pakati pa Harare ndi Dedza siigwira. "Tiona" wanu kumudzi amamveka kuti "abwere". Amagulitsa mbuzi, amakonza pasipoti, mnyamata amakwera basi kudutsa ku Tete ndi pa Nyamapanda, ndipo inu mumadzalandira foni usiku yakuti ali pa siteji mtauni ndi chikwama, mukamutenge. Pamenepo simungakanenso. Ngati mukufunadi nthawi yoganiza, tchulani tsiku, "ndikuyankhani Loweruka", ndipo Lowerukalo muimbe. Kuviika kumene kungatheke pa mtunda wotere ndi kuchitapo kanthu kena kooneka: kutumiza kangachepe pa Mukuru kothandizira feteleza kapena kampamba ka mnyamatayo komweko, ngati muli nako ndipo mwagwirizana ndi bambo. Muchite zimenezi patapita masiku, osati pa foni yomweyo, kuti zisaoneke ngati mukugula chikhululukiro.

Pali uthenga umodzi umene mungawapatse ngati thandizo, mutamaliza kukana. Masiku amene munthu amadindiridwa pa chipata polowa m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo chidindo cha mlendo si chilolezo chogwirira ntchito. Mnyamata wobwera popanda mapepala a ntchito amathera pa maganyu olipidwa mwa apo ndi apo, akuopa apolisi masiku ake akatha. Azakhali ayenera kudziwa zimenezi kaya mwanayo afikira kwa ndani. Koma muzinene ngati malangizo, osati ngati chifukwa chokanira, apo ayi adzati "mapepala tikonza" ndipo mwabwerera pa nkhani ya fizi ija.

Tsono ndisakusiyeni ndi maganizo akuti kubisa chifukwa ndi ulemu nthawi zonse. Kukhala chete ndi chifundo pamene kukuteteza munthu winayo. Kukangoteteza inu nokha ku manyazi, wina n'kuvulala, ndi mantha chabe. Mwachitsanzo, mutamva kuti mnyamatayo akukafikira kwa msuweni wanu ku Epworth amene ali ndi ana aang'ono, ndipo mukudziwa chinthu chenicheni chimene anachitapo kwa mwana wina, osati mphekesera za mowa chabe, muyenera kumuuza msuweniyo mwamseri. Chimodzimodzi pamene munthu ali ndi gawo pa chinthu chimene mukumukaniza. Ndalama ya mpamba ndi yanu, nyumba ndi yanu, n'chifukwa chake mungathe kunena zochepa. Koma mutakhala msungichuma wa chipereganyu, chimene anzathu achishona amati mukando, mnzanu yemweyu ali membala, simungamukanize ngongole ndi mawu akuti "sindingathe". Ndalamayo ndi yakenso. Pamenepo ayenera kumva lamulo la gulu limene likumuletsa, kuchuluka kwa zimene akusowa, ndi chimene angachite kuti ayenerere. N'chimodzimodzi ndi bungwe la maliro likakana kulipira banja loferedwa, kapena mukamuchotsa ntchito mtsikana wokuthandizani pa benchi ku Mbare. Amuna anu ndi ana anu nawonso mumakhala nawo m'nyumba imodzi, ndipo "ayi" wopanda chifukwa wobwerezabwereza amawaphunzitsa kusiya kukufunsani n'kumachita mobisa.

Mungadziwe bwanji kuti mwafotokoza mopitirira? Mukadzimva mukunena "komanso" kachitatu, mwapitirira. Mukaona kuti winayo wasiya kupempha ndipo wayamba kukupatsani nzeru zothetsera mavuto anu, mwapitirira. Mukapepesa kangapo mpaka wokanidwayo n'kuyamba kukutonthozani inu, mwamusenzetsa katundu wachiwiri pamwamba pa wake. Kupepesa kamodzi kochokera pansi pa mtima n'kokwanira. Chizindikiro cha mbali inayo, kuti mwafotokoza mochepa, ndi pamene munthu wachoka asakudziwa ngati abwerenso kapena ayi, kapena akuganiza kuti ubale wonse watha. Mankhwala ake si kuwonjezera zifukwa. Nenani momveka kuti chimene mwakana ndi chinthu chimodzi ichi, ndipo china chilichonse pakati panu chili mmene chinalili.

Yembekezerani kuzizira. Mnzanuyo mwina akulonjerani mwa mwambo chabe kwa sabata zingapo, ndipo azakhali mwina sayankha foni ulendo umodzi kapena iwiri. Zimenezi sizitanthauza kuti munalakwitsa kanenedwe. Munthu wokhumudwa amafuna nthawi, ndipo palibe mawu okoma amene angachititse kukanidwa kukhala kokoma. Cholakwika chimene ambiri amachita apa n'kubwerera kukafotokozanso, n'kuulula zifukwa zija anazisunga, poganiza kuti winayo akamvetsa asiya kukwiya. Zimangoipiraipira. Inu pitirizani kulonjera poyamba, khalani naye pa benchi limodzi monga kale, kukagwa zovuta kwawo mukafike msanga, ndipo azakhali muziwaimbira pa nkhani zina osatchulanso za ulendo.

Pali pamene simuyenera kulimbana nazo nokha. Azakhali akanena kuti mnyamatayo anyamuka basi kaya mufune kaya musafune, kapena nkhani ikayamba kulowa m'mawu otemberera ndi kukumbutsana amene anakulerani, imbirani amalume kapena wamkulu wina wa banja amene azakhali amamumvera, mumuuze chifukwa chomwecho cha zipinda, iye akanene monga mwini mbumba. Mnzanuyo akayamba kukuipitsirani mbiri mumpingo, pitani kwa mayi wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi kapena mkulu wa mpingo kuti akukhazikeni pansi nonse awiri, ndipo pamenepo nkhani ya madola 60 ikhoza kunenedwa yonse chifukwa pali mboni. Nkhani ya mlendoyu ikayamba kukugawani inu ndi bambo, ankhoswe alipo chifukwa cha zimenezo. Kukafika poopsezedwa, ndi nkhani ya kupolisi. Ndipo mukaona kuti si awiri okhawa, kuti aliyense wopempha mumalephera kumukanira mpaka mumalowa m'ngongole pofuna kusangalatsa anthu, kucheza ndi mlangizi kangapo kungakuthandizeni kupeza pamene mantha amenewo anayambira.

Madola 20 aja musawasiye akulendewera. Dikirani padutse mwezi kuchokera tsiku lokana, kuti nkhani ziwirizi zisakhudzane, kenaka musankhe chimodzi. Ngati mukuifuna, funsani mwachindunji muli awiri, mutchule ndalama ndi tsiku: "Amayi, 20 ija yotsala, mungandipatse pofika pa 30 mwezi uno? Ngakhale 5 pa sabata pa EcoCash ndilandira." Ngati mwaona kuti si yoyenera kulimbana nayo, muuzeni kuti mwaikhululuka, kuti asamaikumbukire nthawi iliyonse akakuonani mukubwera.